Mutu ukaima pepala la mayeso litangotembenuzidwa

*Zikomo alangizi. Ine ndimawerenga ndithu, koma pa mayeso oyeserera a masamu, nditangotembenuza pepala mutu unaima, manja nkumanjenjemera. Ndinayesa kupuma kwambiri monga amatiuzira, koma ndinayamba kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala. Mphindi 25 zinandithera pa funso loyamba. Chodabwitsa nchakuti nditatuluka mayankho ena anayamba kubwera okha. Mayeso enieni atsala milungu isanu, pepala lake ndi la maola awiri, malikisi 100. Ndithandizeni, nditani?*

Ndiyambire pa chizungulire ndi dzanzi zija, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti zimenezi ndi mantha enieniwo. Ayi, zinabwera ndi kapumidwe kanu. Malangizo akuti "puma kwambiri" ndi osakwanira, ndipo munthu wochita chinthenthe akawamva amayamba kukoka mpweya wambiri mofulumira, chifuwa chikukwera ndi kutsika ngati wangomaliza kuthamanga. M'magazi mwanu okosijeni anali wokwanira kale. Chimene chinachepa ndi mpweya umene timatulutsa uja, kaboni dayokisaidi. Kusukulu timautcha mpweya woipa, koma thupi limafuna kuti wina utsale m'magazi pamlingo wake. Ukatsika kwambiri, mitsempha yopititsa magazi kuubongo imafinyika pang'ono, mutu nkupepuka, maso nkuchita chidima, zala ndi milomo nkuchita dzanzi. Munthu akamva zimenezo amaganiza kuti akubanika, ndiye amakokanso mpweya mwamphamvu, zinthu nkumaipiraipira. Chizindikiro chake nchosavuta kudziwa: mukumva ngati mpweya sukukwana pomwe chifuwa nchodzadza kale, ndipo mapewa ali m'mwamba.

Kapumidwe kothandiza ndi kapang'onopang'ono, kopepuka, ndipo mbali yotulutsa ndiyo italike. Tsekani pakamwa, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, kenako tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kaya ndi mphuno kaya ndi milomo yotsekula pang'ono ngati mukuuzira chinthu chotentha. Musadzadzitse chifuwa. Mimba ndiyo itukuke pang'ono, mapewa akhale pomwe ali. Kupuma kumodzi kotere kumatenga masekondi 10, ndiye kuti kasanu ndi kamodzi pa mphindi, pomwe munthu wamkulu wongokhala amapuma pakati pa ka 12 ndi ka 20. Chifukwa chotalikitsira kutulutsa nchakuti mtima umafulumira pang'ono tikamakoka mpweya ndipo umabweza liwiro tikamatulutsa. Mutha kudzionera nokha madzulo ano: gwirani pamkono pomwe magazi amagunda, pumani mwa njira imeneyi, mumva kugundako kukutalikirana pamene mpweya ukutuluka. Ngati 4 ndi 6 zikukubanikitsani, yambani ndi 3 ndi 5. Ndipo mantha akakupezani mwadzidzidzi, yambani ndi kutulutsa, chifukwa nthawi imeneyo chifuwa chimakhala chadzadza kale.

Ndikuuzeni mosabisa kuti kupuma kumeneku sikuchotsa mantha. Kumangowatsitsa kufika pomwe mungathe kuwerenga chiganizo nkuchimva. Zimenezo nzokwanira. Komanso sikugwira ntchito mukakuyamba koyamba muli kale pampando wa mayeso, monga munthu saphunzirira kusambira m'madzi osefukira. Kuyambira lero pumani motero mphindi zisanu m'mawa ndi mphindi zisanu madzulo, mtima uli m'malo. Ikatha milungu iwiri, thupi likhala litazolowera mlingo wake moti simudzafunikanso kuwerenga manambala mosamala.

Tsopano za mutu woima. Thupi likaona ngati pali choopsa limatulutsa adirenalini, mtima nkuthamanga, manja nkutuluka thukuta, m'mimba nkubwadamuka. Zimenezi pazokha siziletsa munthu kuganiza. Vuto limakhala pa kamalo kam'mutu komwe timagwirira zinthu zimene tikuzigwiritsa ntchito panthawiyo, monga nambala yosungira pochulukitsa kapena mawu a funso amene tangowerenga. Kamalo kameneka nkochepa zedi, kamanyamula zinthu pafupifupi zinayi zokha pakamodzi. Tsono mukaikapo "ndilakwa", "anzanga afika kale patsamba lachiwiri", "kunyumba ndikanena chiyani" ndi "nthawi ikutha", funso la masamu lilibenso poima. Zimene munaphunzira zimakhala zilipo, koma palibe pozitulutsira. Mukangotuluka m'chipinda, nkhawa zija zimatsika pamalopo, mayankho nkuyamba kubwera okha. Masamu ndiwo amavutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa amafuna kuti musunge manambala angapo m'mutu uku mukuyenda sitepe ndi sitepe.

Koma pali funso limene ndimafunsa aliyense wobwera ndi dandaulo ngati lanu, ndipo ambiri salikonda. Mwati mayankho "ena" ndiwo anabwera. Nanga enawo? Mu 2022, Maria Theobald ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ophunzira zaudokotala ku Germany amene ankakonzekera mayeso awo aakulu. Anapeza kuti amantha kwambiri ankakhoza mochepa ngakhale pa mayeso oyeserera, pomwe panalibe choopsa chenicheni, ndipo atawerengera zimene aliyense ankadziwa asanalowe, mantha sanaonjezerepo kanthu pa zotsatira za tsiku lenilenilo. Sindikunena kuti simuwerenga. Ndikunena kuti nthawi zina mantha amakhala akunena zoona: pali mbali imene mumaizindikira mukaiona m'kope, koma simungaitulutse kope litatsekedwa. Kuzindikira ndi kutulutsa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mayeso amafuna chachiwiricho.

Njira yodziwira ndi iyi. Tengani pepala lomwe lija la mayeso oyeserera, khalani panokha panyumba tsiku limene mtima uli phee, tsekani mabuku onse, lembaninso osayang'ana wotchi. Funso limene mwalikhoza tsopano koma linakukanikani m'chipinda muja, linadyedwa ndi mantha. Limene lakukanikaninso pano si la mantha, likufuna kuphunziridwa. Musadabwe mukapeza mitundu yonse iwiri pa pepala limodzi, ambiri zimawatero. Phindu lake nlakuti mudziwa nthawi yochuluka muithere pati.

Pa milungu isanu yatsalayi, chepetsani kubwereza notsi ndi maso. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira ndime zoti awerenge. Ena anaziwerenga mobwereza, ena anatseka nkulemba zimene akukumbukira. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, obwereza aja anapambana. Atayesedwa patatha mlungu, opambana anali otseka buku aja, chikhalirecho obwereza kambirimbiri ndiwo ankadzidalira kwambiri kuti akumbukira. Kuwerenga mobwereza kumakoma chifukwa chilichonse chimaoneka chodziwika. Kudziyesa kumawawa chifukwa kumakuonetsani poperewera, ndipo munthu wamantha amakuthawa pa chifukwa chomwecho. Choncho tsiku lililonse lembani mafunso angapo buku lili chitsekere, muziona yankho mutamaliza.

Kenako kawiri pa mlungu lembani pepala lathunthu lakale monga mmene zidzakhalire: patebulo lopanda kanthu, foni ili kutali, wotchi ili patsogolo, maola awiri osadzuka. Ngati mukudziwa ola limene mayeso adzayambe, lembani pa ola lomwelo pamene zingatheke. Pemphani wina akupatseni pepalalo chozondotsa, akuuzeni kuti "yambani", chifukwa mphindi ya kutembenuza pepala ija ndiyo inakugwetsani, ndipo ndiyo iyenera kuzolowereka. Mtima ukagunda poyesererapo, zayenda bwino, mwapeza pophunzirira kupuma kuja zinthu zitatentha. Milungu inayi ikupatsani mapepala asanu ndi atatu. Mlungu womaliza lembani limodzi lokha kumayambiriro, masiku otsalawo mukonze zimene munalakwitsa. Usiku womaliza musachezere ndi buku, ndipo m'mawa mwake musamwe khofi woposa amene munazolowera, chifukwa amaonjezera kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima. Tulo tikakana usiku umenewo, gonani chigonere osadziimba mlandu. Usiku umodzi wosagona bwino suchotsa zimene mwaphunzira mwezi wonse.

Tiyeni tilowe m'chipinda ndi pepala lanu la mphindi 120 ndi malikisi 100. Chotsani mphindi 10 zoyambirira ndi mphindi 10 zomalizira. Zatsala 100, ndiye kuti malikisi amodzi ndi mphindi imodzi. Funso la malikisi 4 ndi mphindi zinayi, la malikisi 10 ndi mphindi 10. Kuwerengera kumeneku muchitiretu kunyumba, osati pampando.

Woyang'anira akati yambani, musathamangire cholembera. Mapazi onse awiri pansi, manja patebulo, tulutsani mpweya, pumani kasanu ndi kamodzi mwa njira ija. Ndi mphindi imodzi yokha. Mudzamva anzanu akutembenuza masamba, china chake mumtima nkumati mukutsalira. Mphindi imodzi pa 120 si kanthu poyerekeza ndi 25 zija. Mukatero yendani ndi maso pepala lonse, cholembera chili m'manja, mukuika kachizindikiro pambali pa funso lililonse, ngati malamulo a mayesowo akulola kulemba pa pepala la mafunso: chongani limene mukulidziwa, kamzere pa limene mungaliyese, kampira pa limene lakuzunguzani. Apa simukuyankha, mukungosanja. Ndipo funso loyamba lilibe ufumu uliwonse. Ngati malamulo sakukakamizani kutsata ndondomeko, yambani ndi limene mwachonga, ngakhale likhale lachisanu ndi chiwiri, bola mulembe nambala yake moonekera. Mayankho awiri kapena atatu akakhala pa pepala, thupi limayamba kukhulupirira kuti zikutheka, ndipo mawu olimbikitsa sangachite zimenezi kuposa inki.

Tinene kuti mwafika pa funso la malikisi 5 lotere: chipinda china mulitali mwake muposa mulifupi ndi mamita 3, ndipo malo ake onse ndi masikweyamita 40, pezani mulifupi. Mwaliwerenga kawiri, m'mutu muli zii. Musakhale mukuliyang'anitsitsa kudikira kuti njira yonse ioneke, chifukwa kamalo kam'mutu kaja nkodzadza ndipo singaoneke. Tsitsirani katunduyo pa pepala. Jambulani chipindacho. Pambali yaifupi lembani x. Pambali yaitali lembani x + 3. Pakati lembani 40. Mpaka pano simunaganize chilichonse chovuta, mwangokopera funso m'chithunzi. Koma tsopano maso akuona mbali ziwiri ndi malo, ndipo kawirikawiri dzanja limapitiriza lokha: x(x + 3) = 40. Mukatsegula mupeza x² + 3x − 40 = 0, kenako (x + 8)(x − 5) = 0, ndipo poti mulifupi sungakhale −8, yankho ndi mamita 5. Tiyerekeze kuti mwaima pa mzere wachiwiri, manambala ochulukitsana kupereka −40 akukana kubwera. M'mayeso ambiri a masamu njira nayo ili ndi malikisi ake, choncho mizere iwiri imeneyo si yachabe. Musaifufute. Yang'anani wotchi: mphindi zisanu zikakwana, siyani mpata pansi pake, ikani kanyenyezi pambali, pitani kwina.

Kusiya funso ndi chinthu chimene ophunzira akhama amachikana kwambiri, amaona ngati ndi kugonja. Taonani masamu ake. Mphindi 25 pa funso la malikisi 5 ndiye kuti mwataya mwayi wa malikisi 20 kumapeto kwa pepala, mwina pa mafunso amene mukanawakhoza mosavuta. Komanso funso losiyidwa silifa. Nthawi zambiri mukabwererako patapita theka la ola mumaliona ndi maso ena, monga momwe mayankho aja anakupezerani panja. Mukungolola kuti "panja" pamenepo pachitikire mkati, nthawi ikadalipo.

Za wotchi, musaiyang'ane mphindi iliyonse, imadyetsa mantha. Ikani malo atatu okha. Pakatha mphindi 35 mukhale mutayesa mafunso a malikisi pafupifupi 25, pakatha ola limodzi 50, pakatha mphindi 85 mukhale pa 75. Mukapeza kuti mwatsalira, chochita ndi kudumpha ovuta, osati kulemba mwaphuma, chifukwa phuma ndilo limasandutsa chizindikiro chochotsera kukhala chophatikizira.

Nanga maganizo aja akabwera pakati pa pepala? Pano ndimasiyana ndi amene amalangiza kuti muzidziuza kuti "ndadekha, zonse zili bwino". Mtima ukugunda ngati ng'oma, thupi lidziwa kuti mukunama, ndipo mumayamba kuopa kuti ngakhale kudekha kwakukanikani. Chosavuta ndi kusintha tanthauzo la kugundako. Mu 2010, Jeremy Jamieson ndi anzake anachita kafukufuku waung'ono ndi ophunzira okonzekera mayeso olowera maphunziro apamwamba ku America. Ena anauzidwa asanalembe kuti kutekeseka kwa thupi sikuononga ndipo kungathandize kukhoza bwino, ena sanauzidwe. Ouzidwawo anachita bwino pa gawo la masamu. Thupi lawo silinazizire, chimene chinasintha ndi momwe ankalimvera. Ndipo zimene anauzidwazo si bodza lotonthozera: mtima wothamanga ukutumiza magazi ambiri, adirenalini amachotsa tulo ndi kudzutsa maso. Wothamanga mpikisano amamva zomwezi asanayambe, iye amati wakonzeka.

Choncho konzeranitu ziganizo ziwiri kapena zitatu zazifupi, zoona, zothera pa chochita. Mtima ukagunda: "Thupi ladzuka, ndi ntchito yake. Funso likufuna chiyani?" Mukakanika funso: "Awa ndi malikisi 5, ena 95 akadalipo." Mukaona mnzanu akupempha pepala lina loyankhira: "Sindikudziwa zimene walemba." Chomalizachi chimaseketsa ophunzira anga, koma nchoona, kudzadza tsamba si kukhoza. Onani kuti palibe chiganizo chimene chikulonjeza kuti mukhoza. Lonjezo lotere maganizo amalitsutsa pomwepo, mkangano nkuyamba, ndipo mkanganowo umadya malo omwe aja amene masamu akuwafuna. Ganizo loti "ndilakwa" likabwera, musalimbane nalo ndipo musalithamangitse. Litchuleni kuti "ili ndi ganizo lija labweranso", ikani chala pa mawu oyamba a funso, werengani mukutsata ndi chalacho. Lidzabweranso kachiwiri ndi kachitatu, inunso mudzachita chimodzimodzi. Ziganizo zimenezi muzizinena pa mapepala oyeserera aja, kuti tsikulo zidzabwere zokha.

Chinthenthe chachikulu chikakugwirani ndithu pakati pa mayeso, manja nkukana kulemba, ikani cholembera pansi. Dindani mapazi pansi mwamphamvu masekondi asanu, masulani. Fumbatani zibakera pansi pa tebulo, masulani. Yang'anani chinthu chimodzi chosayenda, kaya ngodya ya tebulo, tulutsani mpweya motalika, pumani ka 12. Ndi mphindi ziwiri. Funde lotere limakwera, limafika pachimake m'mphindi zochepa, kenako limatsika lokha, ngakhale panthawiyo limaoneka ngati silitha. Chimene chimalitalikitsa ndi kulimbana nalo ndi kupuma mwawefuwefu. Likayamba kutsika musabwerere pa funso limene linaliyambitsa, pitani pa lophweka, ngakhale la malikisi awiri. Mukaona kuti mwina mukomoka, kwezani dzanja, woyang'anira alipo chifukwa cha zoterezi. Pa mphindi 10 zomalizira yambani ndi mafunso a kanyenyezi aja, kenako onani zizindikiro ndi mayunitsi. Yankho musalisinthe chifukwa choti mtima wangokayika, lisintheni mukaona cholakwika chimene mungachiloze ndi chala.

Pali malire ake a zonsezi. Ngati muli ndi mphumu, kubanika kwa mphumu si kwa mantha, ndipo kuwerenga mpaka 6 sikulowa m'malo mwa mankhwala anu opopera. Dziwitsani oyang'anira mayeso asanayambe kuti mudzakhala nawo. Ngati mtima umathamanga ngakhale masiku opanda mayeso, kapena mumamva kupweteka pachifuwa, kapena munakomokapo, kaonaneni ndi dokotala milungu ino, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi matenda a chithokomiro zimatha kuoneka ngati nkhawa. Chimodzimodzi ngati mantha akukulepheretsani kugona ndi kudya kwa milungu, kapena mwayamba kuthawa sukulu, kapena mukuganiza zodzivulaza: pamenepo uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupeze mlangizi wa zamaganizo kapena wachipatala woti mukhale naye maso ndi maso. Mapiritsi oziziritsa mtima a munthu wina musamwe, ena amagonetsa ndipo amasokoneza kukumbukira komwe mukukufunako.

Mukalembanso pepala lija panyumba, mundilembere kuti mafunso angati anali a mantha ndipo angati anali osaphunziridwa bwino, ndi mitu yake. Tikatero tidzagawa masiku otsalawo molingana ndi zimene zapezekazo.